Positala ya Kuchipatala Yopanda Nkhope ya Wodwala: Makina a AI Amauzidwa Chiyani?

Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi anthu amadziwana. Amene wakhala pa benchi kudikira dokotala ndi mlamu wa uje, kapena ndi mayi amene amagulitsa mandasi pamsika, kapena ndi mkulu wa mpingo. N'chifukwa chake chithunzi cha munthu weniweni chikamatidwa pakhomo la chipinda choyezera magazi, anthu sayamba ndi kuwerenga uthenga. Amayamba ndi kufunsana kuti, "Kodi awa si mayi aja a kutsidya?" Pofika madzulo mudzi wonse wagamula kale matenda amene mayiwo akudwala, ngakhale iwo anangopemphedwa kuti amwetulire pa kamera.

Malamulo a dziko lino amateteza munthu ku zoterezi. Gawo 21 la malamulo aakulu a Malawi limapereka ufulu wosungiridwa chinsinsi. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kuulula za m'magazi mwa munthu popanda chilolezo chake, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula. Nalo lamulo loteteza mbiri za anthu la mu 2024 limaika nkhani za umoyo m'gulu la zinthu zofunika kuzisamala mwapadera. Ngakhale munthu atasayina kalata yovomera kujambulidwa, positala imakhala pakhoma zaka zambiri, ndipo mtima wa munthu umasintha positalayo ikadali pomwepo.

Apa m'pamene ogwira ntchito zaumoyo ndi okonza zithunzi ambiri ayamba kuganizira makina a AI opanga zithunzi. Kuyambira mu 2022, pamene Midjourney, Stable Diffusion ndi DALL·E 2 anafika m'manja mwa anthu wamba, munthu amangolemba malangizo a zimene akufuna kuona, makinawo n'kumujambulira. Koma makinawa samva zolinga za munthu. Amatsatira mawu amene alembedwa, ndipo mawu amene munthu amayamba kuwaganizira, monga "bata", "ukhondo" ndi "pasakhale odwala", ndi omwewo amene amabweretsa chithunzi cholakwika.

Kuyesa koyamba

Chitsanzo chongoyerekeza chithandiza. Chipatala china cha boma chikufuna positala ya pepala la A3 yoti imatidwe pafupi ndi chipinda choyezera HIV. Uthenga wake ndi wa mizere iwiri: kuyezetsa ndi kwaulere, ndipo zotsatira ndi chinsinsi cha mwini wake. Anthu amene adzaione ambiri amakhala ndi mantha kale, choncho chithunzi chiyenera kuwakhazika mtima pansi. Wokonza positalayo, poti makina ambiriwa amamva bwino Chingerezi kuposa Chichewa, akulemba motere:

```
calm clean clinic poster, HIV testing, Africa, no patients
```

Zimene zimatuluka pa malangizo ngati awa kawirikawiri zimafanana. Pamakhala dokotala wokoleka chopimira pakhosi, munthu wokhala kapena wogona pabedi nkhope ikuoneka bwinobwino, kariboni kofiira, mtanda wofiira pakhoma, ndi zilembo zopotoka zosawerengeka. Chipindacho chimakhala chagalasi ngati cha chipatala cha ku Ulaya, kapena chimapita mbali inayo n'kukhala chakuda, chong'ambika makoma.

Cholakwika chilichonse apa chili ndi chifukwa chake. Makinawa anaphunzira poona zithunzi mamiliyoni ambirimbiri pamodzi ndi mawu ofotokoza chithunzi chilichonse. Mawu ofotokoza chithunzi amanena zimene zilimo, ndipo si kawirikawiri munthu kulemba pansi pa chithunzi zinthu zimene mulibe. Choncho makina akaona `no patients`, liwu lolemera ndi `patients`, pamene `no` amalipeputsa. Wolembayo wafuna kuthamangitsa odwala koma wawaitana ndi pakamwa pake. Makina atsopano amene amalandira malangizo ngati macheza amamvako kukana, koma nawonso amaphonya, moti njira yodalirika ndi kusatchula n'komwe chinthu chosafunikacho m'malangizo aakulu.

Liwu lakuti `poster` ndi limene labweretsa zilembo zopotoka, chifukwa mapositala onse amene makinawo anaona anali ndi malemba. Dzina la matenda labweretsa kariboni, jekeseni ndi magazi. Ndipo `Africa`, liwu limodzi loimira maiko opitirira 50, labweretsa maganizo akale a azungu pa za kontinentiyi. Mu 2023, Arsenii Alenichev ndi anzake awiri analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet Global Health za zimene anapeza atapempha Midjourney kuti iwajambulire madokotala akuda a ku Africa akuthandiza ana achizungu odwala. Pa zithunzi zopitirira 300, makinawo ankabwererabe ku chizolowezi chawo: odwala ankatuluka akuda, madokotala ena ankatuluka azungu, ndipo pena pankabwera njovu ndi akadyansonga pambali pa dokotala. Wolemba malangizo akasiya mpata, makina amaudzaza ndi chizolowezi chimenechi.

Bata limajambulidwa ndi zinthu

Makina sangajambule bata lenilenilo, koma angajambule zinthu zimene zimabweretsa bata m'maso. Ntchito ya wolemba malangizo ndi kutchula zinthuzo mmodzimmodzi: mtundu wa chithunzi, zimene zili m'chipinda, kumene kuwala kukuchokera, mitundu ya utoto, ndi malo amene akhale opanda kanthu.

Mtundu wa chithunzi ndi umene umayamba, ndipo pa nkhani ya chinsinsi ndi umene uli wofunika kwambiri. Chithunzi chooneka ngati cha kamera chimauza woona kuti munthuyu alikodi kwinakwake. Chojambula chosalala, cha mizere yochepa ndi utoto wosasakaniza, chimauza woona kuti uyu ndi munthu aliyense. Pa makinawa chojambula chotere chimapemphedwa ndi mawu akuti `flat vector illustration`. Ubwino wina ndi wakuti chimakuzika popanda kuwonongeka kwambiri, komanso sichivuta kusindikiza.

Kenako pamabwera zinthu za m'chipinda, ndipo zikhale zochepa, zitatu kapena zinayi basi. Pa positala ya chipinda choyezera magazi, mipando iwiri yopendekera moyang'anizana ndi katebulo pambali zikunena kale kuti pano anthu awiri amakhala pansi n'kukambirana. Bedi lisakhalepo. Bedi la m'chipatala lopanda munthu, loyalidwa bwino, anthu ambiri amalimva ngati mwini wake watisiya. Botolo la diripi, jekeseni ndi magolovesi nazonso zimakumbutsa ululu, ndipo munthu amene akuzengereza pakhomo safunika kukumbutsidwa zimenezo.

Windo lotsegula ndi mtengo kunja kwake zili ndi mbiri yake. Mu 1984, Roger Ulrich anafalitsa m'magazini ya Science kafukufuku wa odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni ya ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania, m'dziko la America. Theka la iwo linagonekedwa m'zipinda zimene windo lake linkayang'ana mitengo, theka linalo windo lake linkayang'ana khoma la njerwa. Oyang'ana mitengo ankatuluka msanga pang'ono, pafupifupi masiku 8 pamene anzawo ankayandikira masiku 9, ndipo ankafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa. Kafukufukuyu anali wa anthu ochepa, komanso anali wa mitengo yeniyeni osati ya papepala, choncho palibe anganene kuti positala imachiritsa. Komabe kuyambira pamenepo okonza zipatala ambiri amaika zomera ndi kuwala kwa dzuwa kumene odwala amadikirira. Mtengowo utchulidwe dzina. Akangolemba kuti mtengo, makina amabweretsa wa kumaiko ozizira, pamene mtengo wa mango aliyense kuno amauzindikira.

Kuwala kukhale kwa m'mawa, kofewa, kolowera pawindo limodzi. Kuwala kochokera pamwamba ngati kwa nyali zazitali za m'maofesi kumachititsa chipinda kuoneka chozizira, ndipo mithunzi yakuda yakuthwa imabweretsa mantha. Mitundu ikhale iwiri kapena itatu yofatsa, yotchulidwa maina. Liwu lakuti `clean` likasiyidwa lokha, makina amakonda kupereka chipinda choyera mbee chonyezimira ngati chochitira opaleshoni, chimene ndi chaukhondo ndithu koma sichiitana munthu kuti alowe. Khoma la utoto wa kirimu, pansi popanda zinyalala ndi tebulo lopanda milu ya mapepala zimapereka ukhondo womwewo popanda kuzizira.

Chomaliza ndi malo a uthenga. Makina amakonda kudzaza ngodya iliyonse, choncho ayenera kuuzidwa kuti gawo lina likhale khoma lopanda kanthu. Zonsezi zikaikidwa pamodzi, malangizo achiwiri pa Midjourney akuoneka chonchi:

```
flat vector illustration, two empty wooden chairs angled toward each other beside a small table, open window with a mango tree outside, soft morning light, cream walls, pale green and sky blue, plain empty wall in the top third --ar 5:7 --no people, text, logo, cross, syringe
```

M'malangizo amenewa mulibe liwu la chipatala, la matenda kapena la odwala. Muli chojambula chosalala, mipando iwiri yamatabwa, katebulo, windo, mango, kuwala kwa m'mawa, mitundu itatu, ndi khoma lopanda kanthu pa gawo limodzi la magawo atatu chakumwamba. Kuti ndi kuchipatala, adzanena ndi malemba amene aikidwe pambuyo pake, komanso khoma lenilenilo limene positala idzamatidwepo.

Zosafunika zapita kumalo kwake. Pa Midjourney zimalembedwa pambuyo pa `--no`, pamene pa mapulogalamu ambiri a Stable Diffusion pali bokosi lapadera lolembedwa `Negative prompt`. Mawu oikidwa mmenemo makina amawagwiritsa ntchito podzikankhira kutali ndi zinthuzo, mosiyana ndi kukana kolembedwa pakati pa malangizo. Nako `--ar 5:7` ndi muyeso wa m'lifupi ndi m'litali. Pepala la A3 ndi mamilimita 297 m'lifupi ndi 420 m'litali, ndipo 5 kwa 7 ndi muyeso woyandikira kwambiri, wongofuna kudula pang'ono m'mbali.

Mtanda uli pa mndandanda wa zoletsedwa pa chifukwa chimene ambiri sachidziwa. Mtanda wofiira pa malo oyera si chizindikiro cha chipatala chilichonse. Ndi chizindikiro chotetezedwa ndi mapangano a ku Geneva a mu 1949, chosungidwira achipatala a asilikali ndi mabungwe a Red Cross, kuti pa nthawi ya nkhondo aliyense adziwe kuti ovala chizindikirochi saomberedwa. Makina amauponya paliponse pamene amva fungo la chipatala, pakhoma, pachipewa cha namwino, pabokosi la mankhwala. Ukapezeka, uyenera kufufutidwa positala isanapite kosindikiza.

Munthu akafunika pa chithunzi

Chipinda chopanda munthu chili ndi vuto lake. Ena akachiona amaganiza kuti achipatala aweruka, kapena kuti munthu akalowamo adzakhala yekhayekha. Uthenga wa chinsinsi umamvekanso bwino pakaoneka anthu awiri okha, wothandiza ndi wothandizidwa. Tsono funso ndi lakuti munthu aoneke bwanji popanda kukhala wakutiwakuti.

Ena amaganiza kuti nkhope yopangidwa ndi makina si ya munthu aliyense, choncho palibe vuto. Zoona zake si zophweka choncho. Mu 2022, mayi wina wojambula wa ku America anapeza zithunzi zake za kuchipatala, zimene dokotala wake anamujambula kalekale, zili m'nkhokwe ya zithunzi ya LAION-5B, imene mbali yake inagwiritsidwa ntchito pophunzitsa Stable Diffusion. Kumayambiriro kwa 2023, akatswiri otsogozedwa ndi Nicholas Carlini anaonetsa kuti makina otere amatha kutulutsa pafupifupi ndendende zithunzi zina zimene anaphunzirirapo, kuphatikizapo za anthu enieni. Izi sizichitika kawirikawiri, ndipo zimakhudza makamaka zithunzi zimene zinabwerezedwa kambirimbiri m'nkhokwemo. Koma pali vuto lina la tsiku ndi tsiku losafuna ukatswiri: nkhope yooneka ngati yeniyeni imafanana ndi winawake basi, ndipo pamudzi sipalephera kupezeka wonena kuti ndi mwana wa a Phiri. Wofananidwayo alibe kokadandaula, chifukwa palibe anamujambula.

Njira yodalirika kwambiri ndi kuonetsa anthu chakumbuyo, ali patali pang'ono, pa chojambula chosalala chija. Malangizo achitatu akungosintha chiyambi cha achiwiri aja:

```
flat vector illustration, a nurse in a plain white uniform and an adult in a plain blue shirt, dark brown skin, seated side by side, seen from behind at a distance, open window with a mango tree, soft morning light, cream walls, pale green and sky blue, plain empty wall in the top third --ar 5:7 --no face, text, logo, cross, syringe
```

Mawu akuti `seen from behind` ndi amene akugwira ntchito yaikulu, chifukwa akuuza makina pamene woona waima. Akuti `dark brown skin` alipo chifukwa popanda iwo namwino amakonda kutuluka mzungu. Ndipo mawu akuti `side by side` asintha kakhalidwe ka mipando, poti anthu awiri oyang'anizana sangaoneke onse chakumbuyo. Wolemba akaumirira zonse ziwiri, makina amatembenuza mutu wa mmodzi, nkhope n'kutulukira cham'mbali. Liwu lakuti `people` lachotsedwa pa zoletsedwa, m'malo mwake mwalowa `face`. Likaiwalika, malangizo amakhala akudzitsutsa okha ndipo anthu amatuluka opunduka kapena osatuluka n'komwe.

Liwu lakuti `plain`, lotanthauza chovala chopanda maluwa, labwerezedwa mwadala. Kuno munthu amadziwika ndi chitenje chake ngakhale atafulatira. Komanso nsalu zimalankhula: pali za chipani, za mvano, za mabungwe. Mtundu weniweniwo wa chovala nawo ungamveke ngati wa chipani, choncho wokonza positala aganizire za dera lake ndi nyengo yake, ndipo ngati buluu akukayikitsa asankhe wotuwa kapena wa khofi. Positala ya kuyezetsa magazi yooneka ngati ikuloza amayi a mpingo wina wake siikhalitsa pakhoma.

Njira ina ndi ya manja okha, monga manja awiri ogwira buku la kuchipatala lotseka. Imagwira bwino pa mapositala a sikelo ndi a kusamba m'manja. Koma manja ndi pamene makinawa anatchuka ndi kulakwitsa, ndipo ngakhale atsopano achepetsa vutoli, zala ziyenera kuwerengedwa dzanja ndi dzanja. Mphete, zipsera ndi mphini zichotsedwe, ndipo bukulo likhale lopanda dzina kapena nambala. Makina amatha kulemba tizilembo tooneka ngati dzina pachikuto, ndipo woona angakhulupirire kuti ndi buku la munthu weniweni.

Pali njira ziwiri zimene zimabisa nkhope ndithu koma zimawononga uthenga. Yoyamba ndi kuchititsa nkhope chimbuuzi kapena kuiphimba ndi kamzere kakuda. Anthu anazolowera kuona zimenezi pa TV ndi m'nyuzipepala pa nkhani za oganiziridwa milandu, choncho pa positala ya HIV zikunena kuti kuyezetsa ndi chinthu chochititsa manyazi. Yachiwiri ndi chithunzithunzi chakuda bii cha munthu woima pakhomo, chimene chimaopsa m'malo motonthoza. Nayonso nkhope yosalala yopanda maso ndi pakamwa yoyang'ana kutsogolo, imene ili m'fashoni pa zojambula za pa intaneti, kwa agogo ena imaoneka ngati mzukwa. Munthu wofulatira alibe vuto limeneli, chifukwa aliyense amadziwa kuti nkhope ili kutsogoloko.

Chinthu chimodzi sichiyenera kuchitika konse: kutumiza chithunzi cha wodwala weniweni ku makinawa kuti achisandutse chojambula. Chithunzicho chimachoka m'foni n'kukakhala pa makompyuta a kampani ya kunja, ndipo chojambula chotulukacho chimasungabe kaumbidwe ka nkhope ndi thupi la mwini wake. Pa Midjourney, zithunzi zimene munthu wapanga zimaonekanso kwa ena pokhapokha atalipira dongosolo lokwera mtengo lobisa ntchito yake. Ngati pakufunika chitsanzo cha chipinda chenicheni, chijambulidwe anthu ataweruka, kaundula atatsekedwa, ndipo mapepala a pakhoma okhala ndi maina atachotsedwa.

Kukonza pang'onopang'ono

Chithunzi choyamba sichikhala chomaliza. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kusintha mawu asanu nthawi imodzi, kenako osadziwa kuti ndi liti limene lathandiza. Makinawa amayamba chithunzi chilichonse ndi phala la timadontho tosakanikirana, ndipo phalalo limachokera pa nambala. Pa Midjourney nambalayo ingakhazikitsidwe polemba, mwachitsanzo, `--seed 2150`. Nambala ikakhala yomweyo n'kusintha liwu limodzi lokha, kusiyana kwa zithunzi ziwirizo kumaonetsa ntchito ya liwulo mosavuta.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuwerenga. Chithunzi chikadzaza ndi mashelefu, mabotolo ndi mawaya, ndiye kuti m'malangizo mwatsala liwu la chipatala kapena zinthu zatchulidwa zambiri. Chikakhala chozizira, muli zoyera ndi buluu wambiri, ndipo mankhwala ake ndi matabwa, kirimu ndi dzuwa. Khoma la pamwamba likadzazidwa ndi wotchi kapena mafelemu, mawu a khomalo asunthidwire kutsogolo, chifukwa makina ambiri amalemekeza mawu oyambirira kuposa omalizira. Pa Stable Diffusion yakale malire ake ndi tizidutswa ta mawu 77 pa gulu limodzi, ndipo m'mapulogalamu ena zopitirira pamenepo zimangodulidwa mwakachetechete. Malangizo a mizere itatu kapena inayi ndi okwanira.

Malemba ndi kusindikiza

Uthenga weniweni usalembedwe ndi makina ojambulawo. Atsopano amatha kulemba mawu ochepa a Chingerezi molondola, koma pa Chichewa amadumpha zilembo, amasokoneza ng' ndi ng, ndipo kwa olemba ŵ kachipewa kake kamasowa kapena kupita pena. Chilembo chimodzi chikasowa pa uthenga wa zaumoyo, tanthauzo limatha kusintha, komanso malemba omatirira m'chithunzi sakonzeka. Chithunzi chitengedwe chopanda malemba, uthenga n'kuikidwa pa khoma lija mu pulogalamu ngati Canva, Word kapena PowerPoint. Pa chitsanzo chathu mizere ndi iwiri: "Kuyezetsa magazi ndi kwaulere" ndi "Zotsatira ndi chinsinsi chanu". Pansi pake pakhale masiku ndi maola a chipatalacho, ndi chizindikiro chake chenicheni chochokera ku ofesi, osati chopeka cha makina.

Apa pali msampha wa mitundu yofatsa. Malemba obiriwira mofatsa pa khoma la kirimu amakongola pa kompyuta, koma m'khonde la chipatala lopanda magetsi saoneka, makamaka kwa achikulire. Chithunzi chikhale chofatsa, malemba akhale akuda kwambiri, obiriwira moderapo kapena buluu woderapo. Olemba zikwangwani ali ndi muyeso wawo wongoyerekeza, wakuti chilembo chotalika masentimita 2.5 chimawerengeka bwino pa mtunda wa mamita atatu. Ngati benchi yodikirira ili mamita atatu kuchokera pakhoma, mutu wa positala usachepere pamenepo, zimene zikutanthauza kuti pa A3 mzere uliwonse ungotenga mawu awiri kapena atatu.

Kukula kwa chithunzi nako kumapusitsa. Makina ambiri amatulutsa chithunzi cha timadontho pafupifupi 1,000 m'lifupi. Pa foni chimaoneka chakuthwa, koma timadontho 1,024 tikatambasulidwa pa mamilimita 297 timakhala tosakwana 90 pa inchi iliyonse, ndipo mizere imaoneka ngati mano a sowo. Osindikiza amafuna 300 pa inchi, zimene pa A3 ndi timadontho 3,508 m'lifupi ndi 4,961 m'litali. Pa positala yoonera patali theka lake, 1,754 ndi 2,480, limakwanira. Choncho chithunzi chiyenera kukuzidwa kaye ndi batani la `Upscale` kapena pulogalamu ina yokuzira, kenako n'kuchiyang'ananso mosamala, chifukwa pokuza makina amawonjezera tinthu tawo. Khutu limatha kusanduka tsaya lokhala ndi diso, ndipo kachidutswa ka pathumba la namwino kamatha kusanduka baji ya dzina.

Mitundu nayo imasintha ikachoka pa galasi kupita papepala, poti galasi limawala lokha pamene inki imadalira kuwala kwa m'chipinda. Buluu ndi wobiriwira wowala amazilala. Kusindikiza kope limodzi la A4 kaye n'kulimata pakhoma lenilenilo kumapulumutsa ndalama za makope makumi awiri olakwika. Ngati positala ikutidwe ndi pulasitiki kuti izipukutika, pulasitiki wosanyezimira ndi wabwino, chifukwa wonyezimira akayang'anizana ndi windo amabisa uthenga masana onse.

Kope loyeserali ndi limene limapita kwa anthu. Ophunzitsa zaumoyo akhala akuyesa mapositala motere kuyambira kale makinawa asanabwere, ndipo njira yake siinasinthe. Alangizi a zaumoyo amatenga kopelo n'kuonetsa anthu ochepa a m'deralo, amayi ndi abambo, achinyamata ndi achikulire, odziwa kuwerenga ndi osadziwa, aliyense payekha kuti asatengerane mayankho. Malemba amaphimbidwa kaye ndi dzanja, ndipo mafunso amakhala atatu: "Mukuona chiyani apa?", "Kodi mungalowe m'chipinda chimenechi?", ndi "Kodi munthu uyu akufanana ndi wina amene mukumudziwa?" Funso loyamba limagwira zolakwika zimene wokonza saziona, monga katebulo kamene ena akukaona ngati bokosi la maliro. Lachiwiri limayeza bata. Lachitatu likayankhidwa ndi dzina la munthu, ngakhale ndi mmodzi yekha mwa ofunsidwawo, chithunzicho chimabwerera ku makina kuti asinthe chovala, tsitsi kapena msinkhu wa munthuyo, ndipo kope latsopano limayesedwanso kwa anthu ena lisanaperekedwe kwa mkulu wa chipatala ndi ofesi ya zaumoyo ya m'boma kuti avomereze uthenga wake.